Mmene mungatsatirire akishoni pulani mpaka fayindingi ya oditi itsekedwe

Lipoti la oditi likamatuluka, manijala aliyense amakhala walonjeza kale kuti zimene zapezekazo akonza pofika deti lakuti. Pakapita miyezi ingapo mumalandira kaimelo ka mzere umodzi koti zonse zija tinakonza, tsekani. Funso ndi loti mutseke pamenepo kapena ayi, ndipo yankho lake silichokera mu imeloyo. Fayindingi, kutanthauza vuto limene oditi yapeza, imatsekedwa odita akaona ndi maso ake umboni woti chimene chinkabweretsa vutolo chachoka, komanso kuti njira yatsopanoyo yagwira ntchito kwa kanthawi ndithu. Miyezo ya IIA, bungwe la padziko lonse la maodita a mkati mwa mabungwe, yomwe inayamba kugwira ntchito pa 9 Januwale 2025 imanena zimenezi pa 15.2, pomwe ikufuna kuti maodita atsimikize kuti manejimenti yachitadi zomwe inalonjeza. Amene munazolowera miyezo ya 2017, nkhani yomweyi inali pa 2500.

Kuti tisamangoyankhula m'malere, tiyerekeze fayindingi imodzi ndipo tiyenda nayo mpaka kumapeto. Bungwe lina, anthu 40 anasiya ntchito m'chaka chimene munaunika, ndiye munapeza kuti 11 mwa iwo maakaunti awo a mu sisitemu ya ndalama anali akadali otsegula, ndipo awiri anali oti munthu wina analowamo mwini wake atachoka kale. Mutafufuza chifukwa chake munapeza kuti a HR sauza a IT munthu akachoka, palibe fomu, palibe ndondomeko yolembedwa, zimangodalira kuti wina akumbukire kunena pakamwa. Munaiika pa mulingo wapamwamba chifukwa chiopsezo chake ndi choti munthu atha kulipira ndalama pogwiritsa ntchito dzina la munthu amene kulibe.

1. Yambirani pa akishoni pulani, lipoti lisanatuluke

Ntchito yotsatira imavuta kapena kuphweka malinga ndi mmene pulaniyo inalembedwera. Manijala akalemba kuti "tilimbikitsa mgwirizano pakati pa HR ndi IT", mwagwa nayo, chifukwa pakatha miyezi sikisi simungathe kunena kuti zachitika kapena sizinachitike. Bwezani pulani yotere lipoti lisanasayinidwe. Akishoni iliyonse inene chimene chichitike, munthu mmodzi amene adzayankhe, deti lake, komanso umboni umene udzaonetse kuti zatheka. Munthu mmodzi ndithu, wotchulidwa udindo wake. Mukalemba kuti "HR ndi IT" ndiye kuti tsiku lofunsa aliyense adzaloza mnzake.

Pa fayindingi yathu ija pulani yabwino ikhala ndi maakishoni atatu. Yoyamba, manijala wa IT atseke maakaunti 11 aja pofika 31 Januwale. Yachiwiri, manijala wa HR akhazikitse fomu yoti izitumizidwa ku IT pasanafike tsiku lomaliza la munthu pantchito, ndipo a IT azitseka akaunti pasanathe masiku awiri ogwira ntchito, zonsezi zikhale zitayamba pofika 28 Febuluwale. Yachitatu, kuyambira Malichi, mwezi uliwonse manijala wa IT azifananiza mndandanda wa maakaunti otsegula ndi mndandanda wa anthu amene ali pa peyirolo, n'kusayina.

Taonani kusiyana kwa zitatuzi, chifukwa kudzafunika kutsogoloku. Yoyamba ikungokonza zimene zinalakwika kale. Yachiwiri ndi imene ikuchotsa gwero la vuto. Yachitatu ndi yogwira zimene zapulumuka pa yachiwiri. Mamanijala ambiri amachita yoyamba mofulumira kwambiri n'kubwera kudzapempha kuti mutseke, koma kutseka maakaunti 11 okha kuli ngati kupalira pongodula masamba a udzu mizu ili pompo, mwezi wamawa wina akasiya ntchito zimeranso.

Ndipo pa nthawi yomweyi muuzeni manijalayo, makamaka polemba, umboni umene mudzafune kuti mutseke. Mikangano yambiri ya pa nthawi yotsatira imabwera chifukwa manijala ankaganiza kuti kulemba ndondomeko basi kwakwana, pomwe inu munkayembekezera kuona miyezi itatu ya ntchito yake.

2. Lowetsani mu kaundula tsiku lomwe lipoti latuluka

Kaundulayu akhoza kukhala pulogalamu yapadera ya oditi kapena Excel wamba, zilibe kanthu kwenikweni, bola akhale mmodzi ndipo osintha akhale a oditi okha. Mzere umodzi ukhale wa akishoni imodzi, ndiye fayindingi yathu itenga mizere itatu yokhala ndi nambala yofanana ya fayindingi. Pa mzere uliwonse pakhale nambala ya lipoti, mulingo wa chiopsezo, mawu a akishoni monga momwe analembedwera mu lipoti, mwini wake, deti limene analonjeza poyamba, deti latsopano ngati lasinthidwa, pamene zafika, ndi malo amene mwasunga umboni.

Deti loyamba lija musadzalifufute zivute zitani. Anthu ambiri akavomera kuwonjezera nthawi amangolemba deti latsopano pamwamba pa lakale, mapeto ake akishoni yomwe yachedwa chaka chathunthu imaoneka ngati sinachedwe n'komwe. Werengerani kuchedwa kuchokera pa deti loyamba. Mu Excel, ngati deti loyamba lili mu kolamu F ndipo pamene zafika pali mu kolamu H, fomula yake ndi iyi:

```
=IF(H2="Yatsekedwa",0,MAX(0,TODAY()-F2))
```

Pa gawo la pamene zafika, musalole mawu ambirimbiri. Okwanira ndi awa: sinayambe, ili mkati, manijala akuti yatha, yatsekedwa, ndi chiopsezo chavomerezedwa. Wachitatuwo ndi wofunika kuposa onse chifukwa umasiyanitsa zonena za manijala ndi zimene odita watsimikiza. Mukaphatikiza awiriwa kukhala "yatha", komiti ya oditi izilandira manambala okoma omwe palibe amene anawayesa.

3. Funsani deti lisanakwane

Sabata ziwiri kapena zitatu deti lisanafike, mukumbutseni mwini akishoni ndipo mubwerezenso umboni umene mukufuna. Apa sipafunika zambiri. Chachikulu n'choti mudziwe msanga ngati munthuyo anasamutsidwa kapena anasiya ntchito, chifukwa akishoni yopanda mwini imafa mwakachetechete, ndipo wolowa m'malo nthawi zambiri sauzidwa kuti anatengera ngongole ya oditi.

4. Sankhani kuti muyesa mozama bwanji

Si fayindingi iliyonse yofuna kuti mubwererenso ndi oditi yathunthu. Ya chiopsezo chochepa, monga ndondomeko yomwe inangofunika kusayinidwa ndi bwana, mutha kutseka mutaona pepala losayinidwalo muli pa desiki panu. Yapakati, pemphani umboni ndipo muyese zitsanzo zingapo. Ya chiopsezo chachikulu ngati yathuyi, mubwereze mayeso omwe aja amene anatulutsa fayindingi, pa data yatsopano, ndipo datayo mukatenge nokha kapena muime pambali pamene ikutulutsidwa mu sisitemu.

Nthawi yoyesera nayonso ndi nkhani. Kontirolo ya mwezi ndi mwezi yomwe yayamba mu Malichi simungaiyese pa 5 Epulo n'kunena kuti ikugwira, chifukwa yangochitika kamodzi, ndipo kamodzi koyamba aliyense amachita bwino poti akudziwa kuti odita akubwera. Dikirani ichitike kawiri kapena katatu. Ya tsiku ndi tsiku, mwezi umodzi kapena iwiri imakupatsani zokwanira kutengapo sampulo. Ya pachaka ndiye yovuta, nthawi zina mumangotsimikiza kuti yakonzedwa bwino n'kuisiya yotsegula mpaka itachitika. Kwa ife, nthawi yabwino ndi mkati mwa Juni, pamene Malichi, Epulo ndi Meyi adutsa.

5. Yesani, ndipo muyese mbali zonse ziwiri

Pali mafunso atatu amene mumayankha motsatana. Kodi njira yatsopanoyo, ikatsatidwa mmene yalembedwera, ingathetsedi vutolo? Kodi yayambadi kugwiritsidwa ntchito? Kodi yakhala ikugwira nthawi zonse kuyambira pamene inayamba? Funso loyamba likalephera musataye nthawi ndi enawo.

Akishoni yoyamba ndi yophweka. Pemphani a IT atsegule sisitemu muli pomwepo, muone maakaunti 11 aja limodzi limodzi, ndi deti limene lililonse linatsekedwa. Chithunzi cha sikirini chotumizidwa pa imelo ndi umboni wofooka, sichionetsa kuti chatengedwa liti komanso mu sisitemu iti, mwina ndi ya mayeso chabe. Onaninso ngati anthu 11 amenewa analibe maakaunti ena, monga a imelo kapena olowera ali kunja kwa ofesi. Ndipo maakaunti awiri aja amene wina analowamo, funsani ngati anafufuza zimene zinachitidwa mkatimo. Ngati pulani sinanene za zimenezi, lembani padera n'kukauza mkulu wa oditi.

Akishoni yachiwiri ndi pamene maodita ambiri amapusitsika, osati chifukwa wina akunama, koma chifukwa cha kumene atenga mndandanda. Mukapempha a HR kuti akupatseni mafomu onse amene anatumiza ku IT, n'kuyesa ngati maakaunti a anthu amenewo anatsekedwa, mupeza zonse zili bwino, chifukwa mwangoyesa anthu amene fomu yawo inalembedwa. Munthu amene anaiwalidwa sali mu failo imeneyo. Ndiye mndandanda wa osiya ntchito utengeni kwina kosadalira kontirolo imene mukuyesayo, monga pa peyirolo: fananizani ya Febuluwale ndi ya Meyi muone mayina amene asowa. Tinene kuti mwapeza anthu 14. Poti ndi ochepa, yesani onse, sampulo ndi ya pamene anthu achuluka. Pa aliyense lembani tsiku lomaliza pantchito, tsiku limene fomu inafika ku IT, ndi tsiku limene sisitemu ikuonetsa kuti akaunti inatsekedwa. Deti la mu sisitemu ndi limene mukhulupirire, osati lolembedwa pamanja pa fomu.

Tinene zotsatira zake ndi izi. Anthu 13 maakaunti awo anatsekedwa mkati mwa masiku awiri. Mmodzi, amene anachoka chakumapeto kwa Epulo, fomu yake sinatumizidwe, koma kufananiza kwa kutha kwa mwezi kunamugwira ndipo akaunti inatsekedwa sabata yotsatira, palibe amene analowamo. Ineyo cholakwika chimodzi chotere sichingandiletse kutseka, chifukwa chikuonetsa kuti kontirolo yachitatu ikugwira zimene yachiwiri yaphonya, ndipo ndi ntchito imene inaikidwira. Chikanakhala kuti mwachitulukira ndinu a oditi, iwo osadziwa, nkhani ikanakhala ina.

Pa akishoni yachitatu musangoona siginecha. Tengani mwezi umodzi mubwereze nokha kufananizako, muone ngati mupeza zofanana ndi zimene iwo anapeza. Onaninso deti limene anasayina. Mapepala atatu a miyezi itatu osayinidwa tsiku limodzi, dzulo lake la kubwera kwanu, akukuuzani kuti ntchitoyi yachitikira odita. Komanso pepala loti mwezi uliwonse limangoti palibe chosiyana, m'bungwe loti anthu amalowa ndi kutuluka, liyenera kukudabwitsani.

Tsopano mbali yachiwiri ija. Mwayesa kuchokera kwa osiya ntchito kupita ku maakaunti, tembenuzani muyambire ku maakaunti onse otsegula lero n'kufunsa kuti mwini wa lililonse ndani. Tinene kuti mwapeza maakaunti atatu a anthu amene sali pa peyirolo. Mukufunsa, akukuuzani kuti awa anali a kontirakiti yaifupi, amalembedwa ndi madipatimenti mwachindunji ndipo amalipidwa ndi invoisi, sadutsa ku HR. Kontirakiti zawo zinatha mu Epulo. A IT pofananiza amawadumpha chifukwa amadziwa kuti anthu otere sapezeka pa peyirolo. Apa ndiye kuti manejimenti yachita zonse zitatu zimene inalonjeza, koma chiopsezo chija, choti munthu amene anachoka akadali ndi khomo lolowera mu sisitemu ya ndalama, chikadalipo.

6. Gamulani

Apa m'pamene pamafunika mutu. Manijala adzanena kuti tachita zonse zomwe zili mu lipoti, ndipo akunena zoona. Koma chimene mukutseka ndi fayindingi, ndipo fayindingi inkanena za maakaunti a anthu ochoka, sinanene kuti a pa peyirolo okha. Ndiye mu kaundula maakishoni atatu aja alembeni kuti atsekedwa, chifukwa achitikadi ndipo mwawayesa, koma fayindingi ikhale yotsegula ndipo muwonjezere akishoni yachinayi yokhudza anthu a kontirakiti, ndi mwini wake ndi deti lake. Mwachitsanzo akaunti ya munthu wa kontirakiti izipatsidwa deti lothera pa tsiku lomwe ikutsegulidwa. Mutha kutsitsa mulingo kuchoka wapamwamba kufika wapakati ngati mwaona kuti chotsalacho n'chochepa, bola mulembe chifukwa chake. Kuchita chonchi kumamuonetsa manijala kuti ntchito yake mwaiona, ndipo komiti simukuinamiza.

Ena amakonda kutseka yakaleyo n'kutsegula fayindingi yatsopano. Ine sindigwirizana nazo pamene gwero ndi chiopsezo zili zomwezo, chifukwa wotchi imayambiranso pa ziro ndipo vuto la chaka chatha limaoneka ngati labadwa lero.

Palinso njira zina zimene fayindingi imathera. Nthawi zina manijala sachita zimene analonjeza koma wachita china chabwino kuposa, monga kulumikiza sisitemu ya HR ndi ya IT kuti akaunti izitsekeka yokha. Musakakamire fomu ija, yesani njira yatsopanoyo ndi mafunso atatu omwe aja, ikakhoza tsekani. Nthawi zina ntchitoyo kapena sisitemuyo yathetsedwa, ndiye mumatseka polemba kuti fayindingi yatha ntchito, koma mutsimikize kaye kuti yakaleyo yazimitsidwadi komanso vutolo silinasamukire mu yatsopano. Mawu oti "sisitemu yatsopano ikubwera idzakonza zimenezi" si chifukwa chotsekera, ndipo funso lanu likhale loti nanga pakadali pano mukudziteteza bwanji.

Kenako pali pamene manejimenti yanena poyera kuti sitichita, ndalama zake zachuluka kuposa phindu. Ndi ufulu wawo, chiopsezo ndi chawo, si cha odita. Chofunika n'choti alembe, asayine munthu amene udindo wake ukumulola kuvomereza chiopsezo cha kukula koteroko, ndipo paikidwe deti lodzaunikanso. Mu kaundula musalembe kuti yatsekedwa ngati kuti yakonzedwa, ili ndi gulu lakelake. Mkulu wa oditi akaona kuti chiopsezocho chapyola chimene bungwe lingapirire, amakambirana ndi akuluakulu a manejimenti, zikakanika amapita nayo ku bodi. Izi zili pa 11.5 mu miyezo yatsopano, kale zinali pa 2600. Chenjerani ndi kuvomereza kwa mwakachetechete, akishoni yoti yasunthidwa deti kanayi ndiye kuti chiopsezo chavomerezedwa kale popanda wosayina.

7. Kuwonjezera nthawi

Pempho lowonjezera nthawi libwere deti lisanadutse, lolembedwa, ndi chifukwa chake komanso zimene achita pofika pano. Ikani lamulo lodziwika kwa onse, mwachitsanzo koyamba avomereze mkulu wa oditi, kachiwiri pa fayindingi ya mulingo wapamwamba mwini wakeyo akafotokoze yekha ku komiti ya oditi. Mudzaona mapempho akuchepa okha.

8. Lembani failo ndi kupereka lipoti

Chilichonse chimene mwatseka chikhale ndi kapepala kake konena zimene munayesa, kumene munatenga mndandanda, nthawi imene mayeso akukhudza, zimene munapeza, ndi chifukwa chimene mwagamulira choncho. Wina wosiyana ndi amene anayesa aunike asanatseke, makamaka pa za mulingo wapamwamba. Muyeso wake ndi woti odita wina amene sanakhalepo atawerenga failoyo afike pa chigamulo chomwecho. Ndipo ngati odita anathandiza nawo kukonza kontirolo yatsopanoyo, asakhale iye woiyesa.

Ku komiti musapite ndi kaundula yense wa mizere mazana. Apatseni chiwerengero cha zotsegula pa mulingo uliwonse, zochedwa mozigawa monga zosapyola masiku 30, za 31 mpaka 90, ndi zopyola 90, zonse kuwerengera pa deti loyamba, kenako mutchule mayina a fayindingi za mulingo wapamwamba zomwe zachedwa, zimene deti lasunthidwa kopitilira kamodzi, ndi zimene chiopsezo chavomerezedwa. Onetsaninso padera zimene manijala anati zatha koma mutayesa munazibweza. Fayindingi yathu ija ilowa m'gulu limenelo, ndi mzere umodzi wofotokoza kuti maakishoni atatu atsimikizidwa, yachinayi ya anthu a kontirakiti yapatsidwa mwini ndi deti, ndipo mudzayesanso kontirakiti zingapo zikadzatha pansi pa njira yatsopanoyo.